Nkhope ya ku ofesi: kamangidwe ka nkhani yaifupi ya mayi wosiya kubisala m'zodzoladzola

Nkhani yaifupi ya mayi wogwira ntchito mu ofesi, amene pang'onopang'ono amaleka kubisa nkhope yake m'zodzoladzola zochuluka, ili m'gulu la nkhani zimene zochitika zake ndi zochepa koma kusintha kwake n'kwakukulu. Mulibe maliro, mulibe ukwati, mulibe wakuba wothamangitsidwa mumsika. Pa tsamba loyamba mayiyo amafika pa ntchito nkhope itamatidwa bwinobwino. Pa tsamba lomaliza amafika pa ntchito yomweyo, pa desiki lomwelo, khungu lake likuoneka. Zonse zimene wowerenga amatsata zili pakati pa masiku awiri amenewa, ndipo luso la mlembi limayesedwa ndi mawu amodzi okha, akuti pang'onopang'ono.

Mawu amenewa ndi ovuta chifukwa nkhani yaifupi mwachibadwa imakonda kamphindi kamodzi. Mu 1842 mlembi wa ku America, Edgar Allan Poe, polemba za nkhani za mlembi mnzake Nathaniel Hawthorne, anafotokoza kuti nkhani ya mtundu uwu iyenera kuwerengedwa munthu atakhala pansi kamodzi, ndipo chilichonse m'katimo chiyenera kuloza ku chinthu chimodzi chimene wowerenga adzamve mumtima. Nkhani zambiri zotchuka zimatsata njira imeneyi pochititsa zonse tsiku limodzi. Chitsanzo ndi "Miss Brill" ya Katherine Mansfield, yomwe inatuluka mu 1920. Mayi wachikulire wosakwatiwa amavala kachikopa kake ka ubweya m'khosi n'kupita kukakhala ku paki Lamlungu, amamva mnyamata ndi mtsikana akumunyoza, kenako amabwerera kwawo n'kukabweza kachikopako m'bokosi. Chimene ankadzikongoletsa nacho chimagwa masana amodzi. Nkhani ya mayi wa mu ofesi singachite zimenezo. Iyo imafunika kunyamula miyezi yambiri m'mawu pafupifupi 2,000, koma osasanduka buku lofupikitsidwa.

Chimene chikubisidwa

Chinthu choyamba chimene nkhaniyi iyenera kusiyanitsa ndi kudzikongoletsa ndi kubisala. Amayi ambiri amadzola chifukwa amakonda, monga mmene wina amakondera chitenje chowala kapena tsitsi loluka bwino, ndipo pamenepo palibe nkhani yoti ilembedwe. Nkhani imayamba pamene zodzolazo zasanduka chiphaso, choti popanda icho mayiyo sangatuluke pakhomo ngakhale kukagula tomato pamsewu. Chichewa chili ndi mawu osiyanitsa bwino zimenezi. Kudzola ndi mawu osaweruza. Kuphoda kuli ndi kachisangalalo kake. Kudzipaka kwayamba kulemera. Kudzimata ndi kudzipenta ndi mawu a munthu woima pambali amene akunyoza. Mlembi wosamala amagawa mawu amenewa kwa apangankhani ake: mayiyo m'maganizo mwake amati akudzikonza, mnzake wapamtima amati waphoda, ndipo a mesenjala akamanong'onezana ndi dalaivala wa kampani panja ndi amene amati wadzimata. Wofotokoza nkhani akangotenga mawu akuti kudzimata kukhala ake, ndiye kuti waweruza mlandu pa tsamba loyamba, ndipo wowerenga alibenso chifukwa chopitirizira.

Kubisala kumafuna chinthu chobisidwa, ndipo chinthucho chimayenera kukhala chenicheni, chokhala ndi malo ake pankhope. Alembi ena amangoti mayiyo ankadziona wosakongola. Zimenezo n'zofooka, chifukwa siziuza wowerenga kuti dzanja la mayiyo limathamangira kuti munthu akamuyang'anitsitsa. Zifukwa zimene zimapezeka m'moyo weniweni n'zodziwika. Pali madontho akuda otsala ziphuphu zikapola, omwe pakhungu lakuda amaoneka kwambiri ndiponso amachedwa kutha. Pali zigamba zakuda za m'masaya ndi pachipumi zimene madokotala amazitcha melasima, zomwe kawirikawiri zimabwera ndi mimba kapena mapiritsi olera ndipo dzuwa limazikulitsa. Pali chipsera cha moto kapena cha ngozi. Palinso khungu loonongeka ndi mafuta oyeretsa.

Chifukwa chomalizachi ndi cholemera kwambiri kwa mlembi, popeza chimamanga mayiyo m'chingwe chimene anadzimanga yekha pofuna kudzimasula. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi haidirokwinoni, mankhwala amphamvu a mtundu wa siteroidi, kapena mekyuli. Siteroidi akadzoledwa pankhope kwa miyezi yambiri amapepukitsa khungu, amaonetsa timitsempha, ndipo amabweretsa ziphuphu zatsopano. Munthu akawasiya mwadzidzidzi nkhope imawotcha, imayabwa ndi kusupuka, moti ambiri amabwereranso ku botolo lomwelo. Haidirokwinoni akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amatha kuchita zosemphana ndi zimene anagulidwira: amasiya zigamba zakuda bii m'masaya, zomwe zimavuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa anafotokoza vuto limeneli m'zaka za m'ma 1970, ndipo dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzoladzola wamba mu 1990. Pamwamba pa izi, zodzola zolemera zimene zimatseka timabowo ta khungu zimatha kuyambitsa ziphuphu zazing'onozing'ono, zomwe akatswiri awiri a ku America, Albert Kligman ndi Otto Mills, anazilemba mu 1972. Mayi amaphimba ziphuphu, chophimbacho chimabala zina, ndipo mawa lake amaphimba mochulukirapo.

Mfundo za khunguzi zimapatsa nkhaniyo kalendala yake. Khungu la pamwamba la munthu wamkulu limadzisintha pafupifupi pa masabata anayi. Mankhwala a ziphuphu amatenga masabata 6 mpaka 8 asanayambe kuonetsa kusintha. Madontho akuda osazama amazilala pa miyezi 6 mpaka 12, ndipo ozama amatha kukhala zaka. Choncho nkhani imene mayi wasiya faundeshoni Lolemba ndipo Lachisanu khungu lake lili see ikunama, ndipo mayi aliyense amene anavutikapo ndi ziphuphu adzazindikira bodzalo nthawi yomweyo.

Chifukwa chake ndi ofesi

Malo a nkhaniyi sanasankhidwe mwangozi. Ofesi ndi malo amene anthu omwewo amaona nkhope yomweyo masiku asanu pa sabata, pansi pa magetsi omwewo, kwa zaka. Mlendo wa mu minibasi sangadziwe kuti lero china chasowa pankhope ya munthu, koma wokhala pa desiki loyandikana amadziwa. Ndiponso ku ofesi nkhope ili ndi mtengo wake wa ndalama, ndipo mantha a mayiyo si ongoganizira.

Mu 1997 akatswiri awiri a za chikhalidwe cha anthu ku America, Kirsten Dellinger ndi Christine Williams, anafalitsa kafukufuku yemwe anacheza mozama ndi amayi 20 ogwira ntchito zosiyanasiyana. Anapeza kuti mayi wodzola moyenerera malo ake antchito amatengedwa ngati wathanzi ndiponso wodalirika pa ntchito, pamene yemwe wafika wosadzola amafunsidwa ngati watopa kapena akudwala. Nthawi zina lamulolo limachita kulembedwa. Darlene Jespersen anagwira ntchito yogulitsa zakumwa pa kasino ya Harrah's mumzinda wa Reno kwa zaka pafupifupi 20. Mu 2000 kampaniyo inalamula kuti amayi onse a ntchito imeneyo azidzola phoda, zofiiritsa masaya, zodetsa nsidze ndi lipisitiki. Iye anakana, ntchito inatha, ndipo mu 2006 khoti la apilo linagamula mokomera kampaniyo. Kampani ya ndege ya Virgin Atlantic inachotsa lamulo lokakamiza amayi ogwira ntchito m'ndege kudzola mu 2019.

Mlembi wa nkhani yaifupi sayika mayina ndi zaka zimenezi m'nkhani yake, koma ayenera kuzidziwa, chifukwa zimamuletsa kulemba mayiyo ngati chitsiru choopa mthunzi wake. Nkhaniyo ikakhala ku Malawi, funso lija lakuti munthu akudwala limalemera kawiri. M'dziko limene kwa zaka zambiri zilonda za pakhungu ndi kuonda zinkayambitsa manong'onong'o okhudza Edzi, mawu akuti "Kodi muli bwino, asisi?" akanenedwa maso ali pa madontho a patsaya sakhala malonje chabe. Chiganizo chimodzi chotere chimatha kugwira ntchito imene ndime zitatu zofotokoza mantha sizikanaigwira.

Chitsanzo cha kamangidwe

Njira yapafupi yoonera mmene miyezi imalowera m'masamba ochepa ndi kutsata chitsanzo chimodzi chongokonza. Mpangankhani wamkulu ndi mayi wa zaka za m'ma 30, wolandira alendo pa ofesi ya kampani ina ya inshuwalansi mu Blantyre. Amakhala ku Chilobwe. Chimene amabisa ndi chigamba chakuda pa tsaya la kumanzere, chotsala ku mafuta amene azakhali ake anam'patsa ali ku sekondale kuti ziphuphu zithe. Nkhani yonse ili ndi zigawo zisanu, chilichonse cha mawu pafupifupi 400, ndipo imayambira mu Okutobala n'kutha mu Juni.

Chigawo choyamba chimaonetsa mwambo wa m'mawa wonse wathunthu, ndipo ichi chokha ndicho chimaloledwa kuchedwa. Mayiyo amadzuka 4:30 kuti mphindi 45 zapakalilole zipezeke asanathamangire minibasi. Dongosolo lake silisintha: mafuta oyambira, kenako konsila pa tsaya lija, kenako faundeshoni nkhope yonse mpaka m'khosi kuti mzere usaoneke, phoda pamwamba, zofiiritsa masaya, nsidze zojambula ndi pensulo, nsidze zomata m'zikope, ndipo pomaliza lipisitiki. Wowerenga amafunika kuona zonse zisanu ndi zitatuzi mwatsatanetsatane kamodzi kokha, chifukwa kutsogoloku adzakhala akuwerenga zimene zasowa. Mwezi wa Okutobala wasankhidwa dala. Kutentha kwake kumasungunula faundeshoni, ndipo kumapatsa mlembi mpata woonetsa mtengo wa kubisala popanda kuutchula. Kolala ya bulauzi yoyera imakhala ndi mzere wa bulauni pofika 10 koloko. Mayiyo amapita kuchimbudzi kanayi pa tsiku, osati chifukwa cha m'mimba, koma kukakonza nkhope. Anzake akamapita kukadya nsima yotentha kuseri kwa msika iye amatsala pa desiki ndi bisiketi, poopa thukuta. Akamaseka satsegula kwambiri pakamwa chifukwa phoda amang'ambika m'mizere ya m'mbali mwa mphuno. Ndipo mpando wake anautembenuza kalekale kuti tsaya la kumanzere lizikhala kumbali ya khoma.

Chigawo chachiwiri chimabweretsa kusiya koyamba, ndipo lamulo lake ndi lakuti kusakhale kosankha. Guluu wa nsidze zomata watha pakati pa mwezi, malipiro ali kutali. Kapena diso latupa ndipo adokotala aletsa kwa masabata awiri. Mayiyo amafika pa ntchito mtima uli m'mwamba, tsiku lonse akudikira kuti wina anenepo kanthu, ndipo palibe amene amanena. Bwana amadutsa n'kufunsa za makalata a ku positi basi. Pamenepa pali kuwawa kwina kumene mlembi wabwino sakuphonya: mayiyo amapepukidwa, komanso amakhumudwa pang'ono pozindikira kuti chinthu chimene ankataya nacho mphindi khumi tsiku lililonse palibe ankachiona. Malipiro akabwera sagula guluu wina. Sanena chifukwa, ndipo wofotokoza nkhani nayenso sanena.

Dongosolo la zimene zimasiyidwa ndilo msana wa nkhani yonse. Zimachoka kuyambira kutali ndi bala n'kumayandikira. Nsidze zomata zilibe chochita ndi tsaya, choncho zimapita poyamba. Zofiiritsa masaya zimatsatira, kenako phoda wachiwiri wa masana, kenako faundeshoni imachoka pachipumi ndi pachibwano n'kutsala m'masaya mokha. Konsila wa pa tsaya la kumanzere ndiye womaliza, popeza zina zonsezo zinabwera kudzaperekeza iyeyo, kuti malo amodzi ophimbidwa asaoneke okha. Munthu weniweni amasiya chonchi, chifukwa amayamba kuyesa pamene kulephera sikungamupweteke kwambiri. Mlembi akasokoneza dongosololi, n'kuchititsa mayiyo kuonetsa tsaya asanasiye nsidze, nkhani imatha mphamvu pakati, chifukwa choopsa chachikulu chadutsa kale.

Chigawo chachitatu ndi chobwerera m'mbuyo, ndipo nkhani yopanda chigawo ichi sikhulupirika. Ndi mu Januwale, mvula yamupeza mayiyo pakati pa siteji ndi ofesi, faundeshoni yochepa imene anadzola yakokoloka. Mnzake wa ku akaunti, mayi wachikulire wokoma mtima, amamuyimitsa pakhonde n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, ngati pali vuto usabise, chipatala chilipo." Palibe nkhanza m'mawu amenewa, ndipo n'chifukwa chake amalasa. Mawa lake mayiyo amadzuka 4:30 ndipo zonse zisanu ndi zitatu zimabwerera, guluu watsopano ali pomwepo. Apa ndi pamene nkhani ya azakhali ndi botolo lija imalowa, m'ziganizo zitatu kapena zinayi, osaposa. Ikadabwera pa tsamba loyamba ikanakhala mbiri yachipatala chabe. Ikabwera pano imayankha funso limene wowerenga wakhala nalo kale.

Chigawo chachinayi chimafuna chinthu chokankha chimene si ulaliki. Chingakhale chaching'ono kwambiri. Kasitomala wachikulire wokhala ndi chipsera chachikulu cha moto pakhosi amabwera kudzatsatira ndalama za malemu mwamuna wake, amakangana ndi bwana maso ndi maso kwa theka la ola mpaka zake zitatheka, ndipo dzanja lake silipita pakhosi ngakhale kamodzi. Mayi wathu amaona zonsezi ali pa kauntala. Salankhulana za khungu. Kapena mwana wake wamkazi wa zaka 9 akupezeka ataima pakalilole akudzipaka phoda pa tsaya la kumanzere lokha, pomwe palibe kanthu kalikonse. Chithunzi chachiwirichi n'champhamvu moti mlembi amayenera kuchisiya chokha, osachiwonjezera ndemanga. Kuchokera pamenepo kusiya kumayambiranso, koma tsopano ndi kosankha, ndipo kumayenda limodzi ndi zinthu wamba: ulendo wa kwa dokotala wa khungu, botolo la mafuta oteteza ku dzuwa, chipewa cha pamsewu.

Chigawo chomaliza chimachitika mu Juni, kukuzizira chiperoni. Mphindi zapakalilole zatsika kuchoka pa 45 kufika pa 5. Chigamba chija chilipobe, chazilala pang'ono chabe. Tsikulo kampani ikujambula zithunzi za ziphaso zatsopano za ogwira ntchito, ndipo wojambula amauza aliyense kuti ayang'ane kutsogolo. Mayiyo amayang'ana. Lipisitiki wofiira ali pamilomo, chifukwa ameneyo ankamukonda kuyambira kale ndipo sanali wobisira kanthu. Nkhani imatha iye atabwerera pa kauntala n'kukankha mpando wake kuti uyang'ane pakhomo.

Mmene miyezi imadutsira osamveka kulemera

Pakati pa zigawo zisanuzi pali miyezi isanu ndi itatu, ndipo mlembi amaidutsa ndi zida ziwiri. Chida choyamba chili m'chilankhulo momwemo. Chichewa chimasiyanitsa chimene chinkachitika mobwerezabwereza ndi chimene chinachitika kamodzi. "Ankadzola" amanyamula zaka khumi m'liwu limodzi, pamene "anadzola" amaimika wowerenga pa m'mawa umodzi. Nkhani yotere imayenda posinthanasinthana pakati pa mitundu iwiriyi: ndime yaifupi ya "ankadzuka, ankakonza, ankatsala" imakoka masabata, kenako "tsiku lina anaiwala" imatsegula chochitika. Kusintha kwenikweni kumaoneka pamene chinthu chimene chinayamba ngati "anasiya" chapezeka m'ndime yotsatira chili "sankadzolanso". Wowerenga amamva kuti chizolowezi chatsopano chakhazikika popanda kuuzidwa.

Chida chachiwiri ndi zinthu zoyezera zimene zimabwerezedwa. M'chitsanzo chija ndi mphindi zapakalilole, mzere wa pakolala, kulemera kwa chikwama cha m'manja ndi mbali imene mpando wayang'ana. Ziwiri kapena zitatu zimakwana. Nthawi iliyonse chimodzi chikatchulidwanso chimakhala chitasintha pang'ono, ndipo ndicho chimauza wowerenga pamene ulendo wafika. Kolala ikapezeka yoyera madzulo, sipafunikanso chiganizo chakuti mayiyo anayamba kudzidalira. Chiganizo chimenecho, ndi abale ake onse onga "anazindikira kuti kukongola kuli mumtima", ndi chizindikiro chakuti mlembi sanakhulupirire zinthu zimene anaika yekha m'nkhani.

Wofotokoza nkhani woyenera kwambiri ndi woima pafupi ndi mayiyo, wonena kuti "iye" koma woona zokhazo zimene mayiyo akuona. Mayiyo akamadzifotokozera yekha ndi "ine", pamakhala vuto lakuti munthu wobisala samadziwa bwino kuti akubisala, ndipo akayamba kufotokoza zonse momveka amaoneka ngati anachira kale nkhani isanayambe.

Pamene nkhaniyi imagwera

Dzenje lodziwika kwambiri ndi la mwamuna wopulumutsa. Mnyamata watsopano wa mu ofesi amamuona mayiyo wosadzola n'kumuuza kuti akukongola kwambiri chonchi, ndipo mawa lake zodzola zonse zili m'bini. Nkhani yotere sinasinthe kanthu. Mayiyo ankakonza nkhope yake motsata maso a anthu ena, ndipo akuikonzabe motsata maso a munthu wina. Njira yodziwira ndi yapafupi: mwamunayo akachotsedwa m'nkhani, kodi mayiyo akanasiyabe? Ngati yankho ndi ayi, mpangankhani wamkulu ndi mwamunayo.

Dzenje lachiwiri limakopa makamaka alembi ozolowera nkhani zomaliza ndi phunziro. Mwambi wa chikomekome cha mkuyu uli pafupi kwambiri ndi mutu umenewu, ndipo mlembi amatha kupezeka akulemba nkhani yotsimikizira kuti mkazi wophoda ndi wachinyengo kapena woyendayenda. Pamenepo nkhani yasiya mayiyo n'kuyamba kudzudzula amayi onse odzola. Mankhwala ake ndi kuika mu ofesi momwemo mayi wina amene amaphoda kwambiri, mokondwa, amadya nsima yake thukuta lili kamukamu, ndipo sabisa chilichonse. Kukhalapo kwake kumaonetsa kuti vuto silinali m'botolo. Lipisitiki wotsala pa mapeto uja amagwira ntchito yomweyo.

Palinso kusamba kwa mwadzidzidzi, kumene mafilimu amakukonda: mayi akulira m'chimbudzi cha ofesi, akutsuka nkhope yonse, n'kutuluka mutu uli m'mwamba anzake akumuyang'ana mwaulemu. Anthu otchuka amatha kuchita zofanana ndi zimenezi. Woimba wa ku America Alicia Keys analengeza poyera mu 2016 kuti wasiya zodzoladzola, ndipo dziko linakamba za iye. Koma wolandira alendo wa pa kampani ya inshuwalansi alibe nsanja yolengezerapo, ndipo Lolemba lotsatira ayenera kukhalanso pa kauntala yomweyo. Nkhani imene ofesi yonse imamuombera m'manja yaiwala zimene Darlene Jespersen anakumana nazo. Yoona imasiyako mtengo wina wosalipidwa: bwana amene wayamba kutuma mtsikana wina kukalandira alendo akuluakulu, kapena mnzake amene mpaka pa mapeto akukhulupirirabe kuti mayiyo akudwala.

Kuyesa komaliza kumene akonzi a nkhani angagwiritse ntchito ndi kusinthanitsa zigawo. Chigawo chachiwiri chikaikidwa pamalo pa chachinayi ndipo nkhani n'kuwerengekabe chimodzimodzi, ndiye kuti munalibe kuyenda kwa pang'onopang'ono, munali chithunzi chimodzi chojambulidwa kangapo. M'nkhani yomangidwa bwino chigawo chilichonse chimatheka chifukwa cha chimene chapita: mayiyo sakanayang'ana kamera mu Juni akanapanda kuona mwana wake pakalilole, ndipo zapakalilolezo sizikanamulasa akanapanda kubwerera ku zodzola zonse mu Januwale. Nkhani yolephera mayeso amenewa imafunika kumangidwanso kuyambira pa dongosolo la zosiyidwa, osati kungokonzedwa mawu.